Mzere wa Supertrend: umakumbukira chiyani, umaiwala liti

Usiku wina ndinali ndi mawindo awiri pa sikirini. Kumanzere kunali tchati cha pa TradingView chokhala ndi Supertrend yopezeka kale mmenemo, mzere wosonyeza ngati mtengo pamsika ukukwera kapena kutsika, kumanja kunali Supertrend imene ndinalemba ndekha mu Python. Mitengo inali yomweyo, manambala omwewo, 10 ndi 3. Koma wakumanzere unali utatembenuka kale kusonyeza kuti mtengo ukutsika, pamene wanga unali phee pansi pa makandulo, ukunenabe kuti zinthu zikukwera. Unadzatembenuka patapita makandulo angapo, mtengo utapita kale kutali.

Ndinayamba kukayikira ATR, kenako ndinakayikira mitengo imene ndinatsitsa, kenako nthawi ya makandulo. Chinthu chokhacho chimene sindinachikayikire chinali mzere umodzi wa khodi umene ndinkaunyadira chifukwa cha kufupika kwake. Paja akuti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Vuto linali pomwepo, ndipo nditalipeza ndinazindikira kuti Supertrend ndinali ndisanaimvetse. Ndinkaiona ngati samu yowerengetsa pa kandulo iliyonse payokhapayokha, chonsecho ndi mzere wokhala ndi chikumbumtima chake: zimene uchite lero zimadalira zimene iwo womwewo unachita dzulo.

Tiyambe ndi ATR, chifukwa ndiye muyeso wa zonse. J. Welles Wilder anaifotokoza m'chaka cha 1978, ndipo imayankha funso limodzi lokha: masiku ano mtengo ukuyenda mtunda wautali bwanji pa kandulo imodzi? Sinena kuti ukupita kuti. Choyamba mumapeza TR ya kandulo iliyonse, ndiye kuti mtunda weniweni umene mtengo wayenda, kenako mumaisalaza.

```
TR  = max(high - low, abs(high - close_prev), abs(low - close_prev))
ATR = (ATR_prev * (n - 1) + TR) / n
```

Chifukwa choonera mtengo wotsekera wa kandulo yapitayo n'chakuti msika umadumpha. Ngati dzulo unatseka pa 101, lero n'kutsegula m'munsi n'kukafika pa 97.5, mtunda umene munthu wogwira katunduyo wamva m'thupi ndi 3.5, ngakhale kandulo ya leroyo payokha itakhala yaifupi kuposa pamenepo.

Kasalazidwe ka Wilder kamapatsa TR yatsopano gawo limodzi mwa magawo `n`. Ndi `n` ya 10, kandulo yatsopano imalowa ndi mphamvu ya 0.1, zakale zimasunga 0.9. Apa pali msampha waung'ono kwa ogwiritsa ntchito pandas. Mukalemba `ewm(span=10)`, mphamvu ya kandulo yatsopano imakhala 2/11, pafupifupi 0.18, ndipo ATR yanu imakhala yopupuluma kuposa ya Wilder. Yofanana ndi ya Wilder ndi `ewm(alpha=1/10, adjust=False)`. Mukalemba `rolling(10).mean()` mwapanganso china: kandulo yaikulu imakhala m'chiwerengerocho makandulo 10, kenako imatulukamo kamodzin'kamodzi, ATR n'kugwa popanda chimene chachitika pamsika. Pali anthu amene amasankha njira imeneyi dala, ndipo si tchimo, koma musadabwe mizere ikapanda kugwirizana ndi ya ena.

Mukakhala ndi ATR, mumatenga pakati pa kandulo n'kuyeza mtunda wofanana m'mwamba ndi m'munsi.

```
mid    = (high + low) / 2
raw_up = mid + m * ATR
raw_lo = mid - m * ATR
```

`m` nthawi zambiri imakhala 3. Mizere iwiriyi ine ndimaitcha yauwisi, chifukwa sinapse. Imagwedezeka ndi kandulo iliyonse: mtengo ukakwera yonse iwiri imakwera, ukatsika imatsika, ATR ikakula imatalikirana. Mtengo sungaidutse mwachisawawa, poti imathawa limodzi nawo. Mukaijambula pa tchati mungoona ngalande yotsatira makandulo, yopanda chonena.

Supertrend imabadwa pamene mwauza mzere wa m'munsi kuti: kukwera ukhoza, koma kubwerera pansi ayi. Wa m'mwamba mumauuza zosiyana: kutsika ukhoza, kukwera ayi. Imeneyi ndimaitcha mizere yokhwima. Poti wa m'munsi sukubwerera, mtengo ukayamba kutsika umaupeza pamene unaima, n'kuudutsa. Kudutsako ndiko kutembenuka. Mzere umene mumaona pa tchati ndi umodzi mwa iwiriyi: wa m'munsi msika ukamakwera, wa m'mwamba ukamatsika.

Tsono nayi khodi imene ndinkainyadira ija.

```python
lo = np.maximum(raw_lo, raw_lo.shift(1))
```

M'mutu mwanga ndinkati: tenga wamkulu pakati pa wa lero ndi wa dzulo, basi mzere sutsika. Kuti muone pamene ganizoli limagwera, tiyende ndi makandulo asanu, cholembera m'manja. Manambalawa ndawasankha ndekha kuti samu ikhale yosavuta. Tisanayambe, tinene kuti msika ukukwera, kandulo yomaliza inatseka pa 105, ATR ili pa 2.00, mzere wokhwima wa m'munsi uli pa 99, wa m'mwamba pa 110.

```
    high    low    close
A   107.0   105.0  106.5
B   107.0   103.0  103.5
C   104.0    99.5  101.0
D   100.5    97.5   99.0
E    99.0    96.0   96.5
```

Kandulo A ndi yodekha. TR yake ndi 2, choncho ATR ikhalabe 2.00. Pakati pake ndi 106, ndipo katatu ka ATR ndi 6, ndiye wauwisi wa m'munsi uli pa 100. Poti 100 waposa 99, mzere wokhwima ukwera kufika pa 100. Wauwisi wa m'mwamba uli pa 112, koma 112 ndi pamwamba pa 110, ndiye wokhwima wa m'mwamba sukusuntha.

Kandulo B ndi yaitali, TR yake ndi 4, ndipo ATR ikwera kufika pa 2.20. Pakati pake ndi 105, kuchotsapo 6.6 kutsala 98.4. Mzere wokhwima ukana kutsika, ukhalabe pa 100. Taonani chinthu choipa apa: khodi yanga yolakwika ija ikuperekanso 100, chifukwa ikufanizira 98.4 wa lero ndi 100 wauwisi wa dzulo. Pa kandulo yoyamba yobwerera m'mbuyo, yolakwika ndi yolondola zimayankha chimodzimodzi. N'chifukwa chake nditayang'ana mizere ingapo ya manambala ndinakhutira n'kupitirira.

Zimaonekera pa kandulo C. TR ndi 4.5, ATR ifika pa 2.43, pakati pa kandulo ndi 101.75, ndipo wauwisi wa m'munsi ugwera pa 94.46. Mzere wolondola ufunsa kuti: kodi 94.46 waposa pamene ine ndinali dzulo, pa 100? Ayi. Ndiye ukhala pa 100. Khodi yanga inafunsa funso lina: wamkulu ndani pakati pa 94.46 ndi wauwisi wa dzulo, 98.4? N'kuyankha 98.4. Nambala 100 yaiwalika, chifukwa `shift(1)` imayang'ana mzere wauwisi wa dzulo, osati wokhwima wa dzulo. Chikumbumtima chake ndi cha kandulo imodzi basi.

Pa kandulo yomweyi pali china chofunika kuchiona. Mchira wake unatsika kufika pa 99.5, pansi pa mzere, koma inatseka pa 101. Supertrend imaweruza ndi mtengo wotsekera, choncho siitembenuka. Komanso m'mwamba mwachitika kanthu mwakachetechete: wauwisi wa kumeneko wafika pa 109.04, wotsika kuposa 110, ndiye wokhwima wa m'mwamba watsika nawo. Sukuoneka pa tchati, koma ukuwerengedwabe, ukudikira nthawi yake. Ena amasiya kuwerengetsa mzere umene sukuoneka, kenako pa tsiku lotembenuka amasowa poyambira.

Kandulo D ndiye yotembenuza. TR yake ndi 3.5, yochokera pa 101 wa dzulo kufika pa 97.5. ATR ifika pa 2.537. Wokhwima wa m'munsi ukadali pa 100, mtengo watseka pa 99, ndiye wadutsa. Mzere wooneka udumpha kuchoka pa 100 kupita pamwamba pa makandulo, pa 106.61. Nanga khodi yanga? Inali itatsikira pa 94.46, ikuyang'ana 99 n'kumati zonse zili bwino. Mzere umene umatsika limodzi ndi mtengo, ungochedwako ndi kandulo imodzi, sugwidwa msanga. Umafuna kuti msika ugwe kwambiri m'makandulo awiri okha. Kumeneku ndiko kuchedwa kumene ndinkaona pa windo lakumanja.

Nditamvetsa zimenezi ndinathamangira mbali inayo. Ngati vuto ndi kuiwala msanga, ndinati, ndiye mzere usaiwale konse. pandas ili nacho chida chake, `raw_lo.cummax()`, chimene chimasunga nambala yaikulu kwambiri kuchokera pachiyambi. Pa makandulo A mpaka D chimapereka 100, 100, 100, 100, ndendende. Ndinawomba m'manja ndekhandekha, kenako ndinajambula tchati chonse, n'kuona zachilendo: pena pake mzere unkatembenuka pa kandulo ina, n'kubwerera pa yotsatira, ngati nyali yothimathima.

Kandulo E ikufotokoza chifukwa chake. TR ndi 3, ATR ili pafupifupi 2.583, pakati ndi 97.5. Wauwisi wa m'mwamba ndi 105.25, ndipo mzere wooneka utsikira pamenepo. Wauwisi wa m'munsi ndi 89.75. Funso n'lakuti wokhwima wa m'munsi utani tsopano. Lamulo loti usatsike linali ndi ntchito pamene mtengo unali pamwamba pake. Koma dzulo mtengo unatseka pa 99, pansi pa 100. Mzerewo wathyoka, ntchito yake yatha. Uyenera kumasulidwa kuti uyambirenso pa 89.75.

Mukapanda kuumasula, ukhala pa 100 mpaka kalekale. Tiyerekeze kuti mtengo wapitirira kutsika mpaka cha m'ma 80, mzere wa m'mwamba n'kuutsatira kufika pa 88. Tsiku lina mtengo watseka pa 89, wadutsa wa m'mwamba, Supertrend yatembenukira kokwera. Mzere woti uoneke tsopano ndi wa m'munsi, koma uli pa 100, pamwamba pa mtengo. Kandulo yotsatira ikatseka pa 90, khodi iona kuti 90 ndi pansi pa 100, n'kutembenukiranso kotsika. Kuthimathima kuja ndi kumeneku. Ndiye `shift` imakumbukira pang'ono kwambiri, `cummax` imakumbukira mopitirira. Chofunika ndi mzere wokumbukira mpaka utathyoka, ukathyoka uiwale.

Ndipo kuthyokako kumadziwika pofanizira mtengo ndi mzere wokhwima wa dzulo, umene nawonso unadalira wadzana, mpaka kumayambiriro. Apa ndipo ndinavomera kuti palibe chidule, pafunika lupu yoyenda kandulo imodziimodzi.

```python
for i in range(s + 1, len(close)):
    if raw_lo[i] > lo[i-1] or close[i-1] < lo[i-1]:
        lo[i] = raw_lo[i]
    else:
        lo[i] = lo[i-1]
    if raw_up[i] < up[i-1] or close[i-1] > up[i-1]:
        up[i] = raw_up[i]
    else:
        up[i] = up[i-1]
```

Pa `if` aliyense, chimene chili kumanzere kwa `or` ndi chilolezo choyenda mbali yololedwa, chakumanja ndi chomasula. Yang'anitsitsani kuti chomasulacho chikugwiritsa ntchito `close[i-1]`, osati `close[i]`. Mukasokoneza pamenepa, pa kandulo D khodi iona kuti 99 wa lero ndi pansi pa 100, imasula mzere nthawi yomweyo n'kuutsitsira pa 91.39. Ndiye pofika pofunsa ngati mtengo wadutsa mzere, ipeza mzerewo wathawa kale, 99 ali pamwamba pake, ndipo kutembenuka sikuchitika. Mzere uyenera kuima pamalo pake tsiku lodutsidwa, kumasuka n'kwa mawa lake.

Anthu ozolowera pandas amachita manyazi ndi lupu, ngati kuti kulemba `for` n'kulephera. Ine manyaziwo anandithera usiku umenewo. Pa makandulo masauzande ochepa simuona n'komwe kuchedwa kwake, makamaka mukayamba mwasandutsa mizatiyo ndi `to_numpy()` m'malo moitana `iloc` pa kandulo iliyonse. Akakhala mamiliyoni, Numba imathamangitsa lupu yomweyo popanda kusintha ganizo lake.

Kwatsala mbali yotembenuza, yolowa m'lupu momwemo, pansi pa mizere iwiri ija.

```python
    if trend[i-1] == 1:
        trend[i] = -1 if close[i] < lo[i] else 1
    else:
        trend[i] = 1 if close[i] > up[i] else -1
    line[i] = lo[i] if trend[i] == 1 else up[i]
```

Nayonso `trend` ili ndi chikumbumtima, ndipo ichi ndi chachiwiri chimene anthu amachitaya. Msika ukamakwera, funso ndi limodzi lokha: kodi tagwa pansi pa wa m'munsi? Ukamatsika, funso ndi lina: kodi tadutsa wa m'mwamba? Mtengo ukakhala pakati pa mizere iwiriyi, ndipo nthawi zambiri umakhala pamenepo, yankho ndi la dzulo lomwe lija. Ndinaonapo khodi yonena mwachidule kuti ngati mtengo uli pamwamba pa `lo` ndiye msika ukukwera. Iyeseni pa kandulo E: `lo` wamasulidwa, ali pa 89.75, mtengo uli pa 96.5, ndiye khodiyo inena kuti tikukweranso. Kutsika konse kwatha pa kandulo imodzi, chonsecho mtengo sunayandikire n'komwe 105.25.

Ena sasunga `trend` padera. Amafunsa ngati mzere wooneka wa dzulo unali wofanana ndi wa m'mwamba wa dzulo, n'kudziwira pamenepo mbali imene analiko. Zimatheka, bola nambalayo inangokoperedwa osakhudzidwa. Koma mukaidula kuti itsale ndi manambala awiri pambuyo pa kadontho, kapena kuisunga m'fayilo n'kuiwerenganso, kufanana kuja kungasowe, khodi n'kuganiza kuti ili mbali imene siili. Ine ndimakonda 1 ndi -1, zosafuna kutanthauzira.

Pali kusiyana kwina kumene mudzakumana nako mukamawerenga khodi za anthu ena, ndipo kunandidyera nthawi ndisanadziwe kuti n'kochepa. Ena amafanizira mtengo wotsekera wa lero ndi mzere wa lero, `lo[i]`, monga ndachitira pamwambapa. Ena amafanizira ndi wa dzulo, `lo[i-1]`. Ziwirizi zimasiyana pokhapokha mzere utakwera lero, mtengo n'kutseka pansi pa malo ake atsopanowo koma pamwamba pa akale. Kuti zitero, mtengo uyenera kutseka pansi pa wauwisi wa kandulo yake yomwe, ndiye kuti theka la kandulo liyenera kuposa katatu ka ATR imene kandulo yomweyo yaikweza kale. Mukachita samu ndi 10 ndi 3, kanduloyo iyenera kutalika kuposa ATR ya dzulo maulendo 13.5. Zoterezi n'zapatalipatali. Koma `m` ikakhala 1, pakufunika maulendo 2.25 okha, ndipo makandulo otere sasowa. Choncho ngati mukuyesa manambala ang'onoang'ono, sankhani njira imodzi mukudziwa, n'kuilemba penapake.

Tsopano `s` uja, poyambira. ATR ya 10 yoyambidwa monga amachitira Wilder siingakhalepo makandulo 10 asanakwane, ndiye m'mizere yoyamba mumakhala `NaN`. Mu Python kufanizira chilichonse ndi `NaN` pogwiritsa ntchito `<` kapena `>` kumapereka `False`. Mukayamba lupu pa kandulo yoyambirira, `lo[i-1]` ndi `NaN`, mafunso onse awiri a `if` alephera, khodi igwera ku `else` n'kukopera `NaN` yemweyo. Mawa chimodzimodzi, mpaka kumapeto. Palibe uthenga wa vuto umene utuluke, mungopeza tchati chopanda mzere. Mankhwala ake n'kupeza kandulo yoyamba yokhala ndi ATR, n'kuyala maziko pamenepo lupu isanayambe.

```python
up[s], lo[s], trend[s] = raw_up[s], raw_lo[s], 1
```

Nambala 1 yakumapetoyo ndi yongosankha. Palibe chimene chikutiuza kuti msika unali kukwera pa kandulo imeneyo. Chotonthoza n'chakuti mizere iwiri yokhwima siyang'ana `trend` konse, imangoyang'ana mtengo. Ndiye anthu awiri akayamba wina ndi 1, wina ndi -1, adzagwirizana mtengo ukangotseka koyamba kunja kwa umodzi mwa mizereyo, ndipo kuchokera pamenepo sadzasiyananso. Koma kutembenuka koyambako musakuwerengere ngati chizindikiro chenicheni, mwina kwangobwera chifukwa cha kusankha kwanu.

ATR nayonso ili ndi poyambira pake. Wilder amayamba ndi avereji wamba ya ma TR oyambirira, pamene `ewm` yokhala ndi `adjust=False` imayamba ndi TR yoyamba yokha. Kusiyana kwa poyambiraku kumachepa ndi 0.9 pa kandulo iliyonse: pakatha makandulo 22 kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, pakatha 44 limodzi mwa 100. N'chifukwa chake ndimatsitsa makandulo 100 oonjezera kumbuyo kwa nthawi imene ndikufuna kuyesa, n'kuwataya ndikamaliza kuwerengetsa. Kusiyana kwa 0.02 pa mzere kumaoneka kopanda ntchito, kufikira tsiku limene mtengo watseka pakati pa mzere wanu ndi wa mnzanu. Tsiku limenelo wina atembenuka, wina ayi, ndipo mutha kukhala mbali zosiyana kwa makandulo ambiri.

Zimene zinandipulumutsa kuti ndisamadalirenso maso ndi mayeso atatu amene ndimayendetsa nthawi iliyonse ndikakhudza khodiyi. Oyamba: paliponse pamene `trend` ndi 1 lero ndi dzulo lomwe, mzere wooneka usatsike ngakhale pang'ono, ndipo pamene ndi -1 usakwere. Mayeso amenewa akanagwira `shift` yanga pa kandulo C. Achiwiri: `trend` ikakhala 1 mtengo wotsekera usakhale pansi pa mzere, ikakhala -1 usakhale pamwamba pake. Awa akanagwira `cummax` pa kutembenuka koyamba kobwerera m'mwamba.

Achitatu ndi amene ndimawakonda kwambiri. Werengetsani pa makandulo 300 oyambirira, kenako pa 500, n'kufanizira 300 oyambawo. Ayenera kufanana kadontho ndi kadontho. Akasiyana, ndiye kuti penapake khodi ikusuzumira kutsogolo, mwina mwadzaza mipata ndi `bfill()`, mwina `shift` ina yalowa ndi -1. Khodi yosuzumira kutsogolo imapereka zotsatira zokoma kwambiri pa mitengo yakale, ndipo kukomako ndiko kuyenera kukudzidzimutsani.

Kusuzumira kwina sikukhala m'mzere, kumakhala m'mene mukuugwiritsira ntchito. Bwererani pa kandulo D. Kutembenuka kumadziwika kanduloyo itatseka pa 99. Mzere unali pa 100, ndipo n'kosavuta kulemba m'mayeso anu a malonda kuti munagulitsa pa 100. Simunagulitse pamenepo. Pamene mtengo unkadutsa 100 simunkadziwa ngati utsekera pansi pake, paja pa kandulo C unadutsanso n'kubwerera. Mtengo woyamba umene mukanaupeza ndi wotsegulira wa kandulo E, tinene 98.8. Kusiyana kwa 1.2 kumeneku ndi pafupifupi theka la ATR, ndipo kumabwera pa kutembenuka kulikonse, polowa ndi potuluka pomwe. Apa ndiye `shift(1)` ili ndi malo ake oyenera: `trend.shift(1)` ndiyo mbali imene munali mukuidziwa pamene kandulo ya lero inkatsegula.

Msika ukamayenda pompopompo, nkhani yomweyi imabwera mwa mtundu wina. Kandulo yomaliza imene pulogalamu yanu yalandira nthawi zambiri imakhala isanatseke, ndipo chimene chalembedwa kuti `close` ndi mtengo wa mphindi imeneyo chabe. Pa kandulo C, nthawi imene mtengo unali pa 99.5, mzere ukanatembenuka, kenako n'kubwerera mtengo utakwera pa 101. Mawa lake mukayang'ana tchati simupeza chizindikiro chilichonse pamenepo, koma malonda munachita. Mu Python ndimadula kandulo yomalizayo ndisanawerengetse. Mu Pine Script, chiyankhulo cholembera khodi pa TradingView, pali `barstate.isconfirmed` yothandiza pa zomwezi.

Ndisakunamizeni kuti mzere wolembedwa molondola ndiye wopindulitsa. Supertrend imadikira kuti mtengo ubwerere mtunda wa ma ATR angapo isanavomere kuti zasintha, ndiye nthawi zonse imafika mochedwa, ndipo imabweza gawo la phindu pa mapeto a ulendo uliwonse. M'chitsanzo chathu mtengo unafika pa 107, kutuluka kunali cha pa 98.8. Msika ukamangozungulira pamodzimodzi, m'ngalande yotakata pang'ono kuposa mizere iwiri ija, imakuchititsani kugulitsa pansi n'kugulanso pamwamba mobwerezabwereza, kugula mochedwa, kugulitsa mochedwa. Kuchepetsa `m` kumachulukitsa kutembenuka kwabodza, kuikulitsa kumachulukitsa kuchedwa. Khodi yabwino sichotsa zimenezo, imangochititsa kuti muone kukula kwake kwenikweni. Khodi yanga ya `shift` ija, mwachitsanzo, inkaoneka ngati yodekha pa msika wozungulira, yosatembenukatembenuka, ndipo ndikanatha kuiyamikira, osadziwa kuti kudekhako kunali kusamva.

Nditakonza zonsezi ndinabwerera ku mawindo awiri aja. Ndinatulutsa manambala a kumanzere m'fayilo, n'kuwaika pambali pa anga. Nditadumpha makandulo 100 oyambirira, mizere inagwirizana mpaka manambala a pambuyo pa kadontho. Koma mzati wa mbali ya msika unali wosemphana pa kandulo iliyonse: pamene ine ndalemba 1, uko kuli -1. Ndinakhala mphindi zingapo manja ali m'mutu, ndikuganiza kuti ndayambiranso. Kenako ndinatsegula malongosoledwe a `ta.supertrend` n'kuwerenga bwinobwino. Imabweza zinthu ziwiri, mzere ndi mbali, ndipo kumeneko nambala yochepera 0 ndiyo imatanthauza kukwera, yoposa 0 kutsika. Ndinachulukitsa mzati wawo ndi -1, n'kuyendetsanso kufanizira kuja, ndipo chiwerengero cha makandulo osagwirizana chinatuluka 0.